Thandizeni: manambala a pa chithunzi cha kalembera akusokonekera ndikawaika mu tebulo

Nachisale wa ku Area 25: Moni nonse. Ndili ndi chithunzi cha zotsatira za kalembera wa 2018 chomwe bungwe lina linakonza. Kumanzere kuli mayina 32, maboma 28 ndi mizinda inayi. Dzina lililonse lili ndi mzati wogona, ndipo chiwerengero cha anthu chinalembedwa kumapeto kwa mzatiwo. Tebulo palibe, ngakhale mzere wa muyezo pansi. Ndinayesa Google Lens, koma yandipatsa mayina onse paokha, manambala paokha, ndipo manambalawo ndi 31 basi. Ndiwalumikize bwanji mu Excel mosalakwitsa?

Bambo a Tadala: Achemwali, gwiritsani WebPlotDigitizer. Imayeza kutalika kwa mizati n'kukupatsani manambala.

Mphunzitsi wa Masamu: Bambo a Tadala, pulogalamu imeneyo ndi ya pamene manambala sanalembedwe. Apa alembedwa kale. Kuyeza mzati kungakuuzeni kuti mzinda wa Lilongwe uli ndi anthu pafupifupi miliyoni, pomwe pachithunzipo pali 989,318 yeniyeni. Mayi Nachisale, fayiloyo ndi PDF kapena chithunzi wamba? Ngati ndi PDF yoti mawu ake amasankhika ndi mbewa ya kompyuta, `pdftotext -layout` ikhoza kukutulutsirani dzina ndi nambala pamzere umodzi.

Nachisale wa ku Area 25: Ndi PNG aphunzitsi, yabwera pa WhatsApp.

Mphunzitsi wa Masamu: Ndiye vuto lake nali. Mu tebulo manambala amaima pamzere umodzi kuchokera pamwamba kutsika, koma apa nambala iliyonse ili pomwe mzati wake wathera, ina kufupi ndi dzina, ina kutali. Pulogalamu yowerenga zithunzi imaziona ngati zidutswa zosagwirizana. Chomwe dzina ndi nambala yake zimafanana ndi msinkhu womwe zakhalapo kuchokera pamwamba pa chithunzi. Choncho iuzeni Tesseract, pulogalamu ina yowerenga mawu pazithunzi, ikupatseni malo a liwu lililonse:

```
tesseract chithunzi.png zotuluka --psm 11 tsv
```

Tsegulani `zotuluka.tsv` mu Excel. Pa liwu lililonse, phatikizani `top` ndi theka la `height` kuti mupeze pakati pake, kenako sanjani motsatira nambala imeneyo. Mwachitsanzo, dzina likakhala pa 412, nambala ina pa 415, ina pa 448, yake ndi ya pa 415. Musadalire `top` yekha chifukwa zilembo za mayina ndi za manambala nthawi zambiri sizikhala zazikulu mofanana. Mayina a mawu awiri ngati Nkhata Bay atuluka pamizere iwiri, muwalumikize nokha. Musanayambe, kulitsani chithunzicho kawiri kapena katatu, ndipo pemphani amene anakutumiziraniyo achitumizenso ngati `Document`, poti WhatsApp imafinya zithunzi mpaka 3 ndi 8 kumaoneka ngati amodzi.

Mlongo wa ku Joni: Ine zonsezi ayi. Manambala 32 ndi ochepa, lembani pamanja, mukatha phatikizani. Akakwana 17,563,749 ndiye kuti zonse zili bwino.

Mphunzitsi wa Masamu: Kulemba pamanja ndikuvomereza achemwali, pa mizere 32 mwina n'kwachangu kuposa njira yanga. Koma kukwana kwa chiwerengero sikutsimikizira zonse. Mutapatsa Blantyre wakumudzi 800,264 ya mzinda wa Blantyre, ndi mzindawo nambala ya kumudzi, zophatikiza sizisintha. Lilongwe, Blantyre ndi Zomba amaoneka kawiri pamndandandawo, boma ndi mzinda, ndipo mpomwe kusinthanitsa kumachitika. Apa ndi pomwe mizati ya Bambo a Tadala imathandiza: onani ngati nambala yaikulu yagwera pa mzati wautali. Phatikizaninso chigawo chilichonse pachokha: Kumpoto 2,289,780, Pakati 7,523,340, Kumwera 7,750,629. Cholakwika chikakhalapo mudziwa kofufuza.

Nachisale wa ku Area 25: Ndaphatikiza 31 aja, akuperewera 14,527. Ndi Likoma! Mzati wake ndi kadontho chabe, ndipo nambala yakhala moyandikana kwambiri ndi dzina. Ndiye mayina onse a pansi pa Likoma anali atatenga manambala a anzawo.

Gogo wa Maakaunti: Mwana wanga, kwa ife osunga mabuku a ndalama pali kanjira kena. Kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti mwasinthanitsa manambala awiri oyandikana. Mzuzu ndi 221,272. Mukalemba 212,272 kusiyana ndi 9,000. Onaninso ngati Excel yaika nambala ina kumanzere kwa kabokosi. Imeneyo yatengedwa ngati mawu, ndipo `SUM` imaidumpha osakuchenjezani.

Nachisale wa ku Area 25: Zikomo gogo. Koma tsamba lachiwiri ndi lovutirapo: boma lililonse lili ndi mizati iwiri, amuna ndi akazi, manambala oyera mkati mwa mizati yakuda, ndipo Tesseract ikudumpha ambiri.

Mphunzitsi wa Masamu: Tembenuzani mitundu kuti zilembo zide, kumbuyo kuyere, muwerengetsenso. Amuna ndi akazi akaphatikizidwa afanane ndi nambala ya boma ya patsamba loyamba.

Mlongo wa ku Joni: Nanga akatembenuza mitundu adzadziwa bwanji mzati wa amuna ndi wa akazi? Pulogalamuyo siiona mtundu. Ine ndikuti tsamba limenelo awerenge awiri, wina akutchula, wina akulemba.