Belu la kamera likulira ndi galimoto iliyonse, malire ndijambule bwanji?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndamanga belu la pakhomo lokhala ndi kamera, loyendera batire. Lili pa mamita 1.5 kuchokera pansi pa khonde, ndipo khondelo ndi lokwera ndi masitepe awiri. Kuchoka pachitseko kufika pageti ndi mamita 5, msewu ukuyambira pa mamita 7, mpanda ndi wa waya woonekera. Foni ikumalira koposa ka 60 patsiku, pafupifupi zonse ndi magalimoto. Ndinajambula malire a malo oti belu liziyang'anira mu `Motion Zones` ya mu apu yake n'kusiya msewu kunja. Masana zachepako, koma usiku zikadali chimodzimodzi, ndipo batire likutha pa masiku 10 okha. Nditatsitsa mphamvu ya sensa mpaka pansi, munthu anafika pachitseko n'kubwerera belu osanena kanthu. Ndikulakwitsa pati?

Wamawaya:
Achimwene, poyamba dziwani kuti belu la batire lili ndi maso awiri. Kamera imagona kuti batire lisathe. Chimene chimakhala maso nthawi zonse ndi kasensa ka kutentha, kamene pabokosi amalemba kuti `PIR`. Kasensako sikaona chithunzi, kamangomva kuti chinthu chotentha mosiyana ndi malo ochizungulira chasuntha. Kakamva, kamadzutsa kamera, ndiyeno kamerayo ndi imene imayang'ana ngati chinthucho chili mkati mwa malire anu.

Ndiye malire amene munajambula sakuuza kasensako kanthu. Galimoto iliyonse ikudzutsabe kamera, kamera n'kuona kuti ili kunja kwa malire, n'kugonanso. Foni siilira, koma batire ladyeka. N'chifukwa chake likukutherani msanga.

Chinanso, sensa yamtunduwu imamva kwambiri chinthu chodutsa chopingasa kusiyana ndi chobwera molunjika. Galimoto ndi yaikulu, injini ndi yotentha, ndipo ikudutsa chopingasa. Munthu wochoka pageti ndi wamng'ono poyerekeza, ndipo akubwera molunjika. Mukatsitsa mphamvu, woyamba kusowa ndi munthuyo, galimoto imatsala. Ndi zimene zinakuchitikiranizo.

Choncho musayambire mu apu, yambirani pakhoma. Tsitsani belu lifike pa mamita 1.2, ndiwo msinkhu umene opanga ambiri amalangiza. Panopa, mukaphatikiza masitepe aja, belu lanu lili pafupifupi mamita 1.8 pamwamba pa msewu ndipo layang'ana kutsogolo ndendende, ndiye sensa ikufika patali. Kenako ikani kapulasitiki kopendeketsa kumbuyo kwake kuti liwerame. Mabelu ena amabwera nako m'bokosi. Yambani ndi madigiri 5, zikapanda kukwanira onjezani afike 10. Musapitirire madigiri 15, chifukwa munthu wamtali akaima pafupi mudzayamba kuona chifuwa mmalo mwa nkhope.

Mayi wa Mapasa:
Bwanji osangophimba msewuwo ndi `Privacy Zones`? Kamera ikapanda kuona msewu, siingalire ndi galimoto.

Wamawaya:
Ayi mayi, zimenezo ndi zinthu ziwiri. Chimene mwatchulacho chimangodetsa mbali ya chithunzi kuti musajambule, mwachitsanzo, zenera la oyandikana nawo. Sensa ya kutentha siidziwa kuti pali chakuda. Pa mabelu ambiri mumalandirabe uthenga, n'kutsegula vidiyo, n'kupeza bokosi lakuda basi, osadziwa n'komwe chimene chadutsa.

Wa Tepi Muyezo:
Zapakhomazo ndikugwirizana nazo. Ine ndiwonjezere za kajambulidwe ka malire, chifukwa ndikukayika ngati Wofunsa anasiyadi msewu kunja.

Malire mumajambula pachithunzi chafulati. Kamera siidziwa mtunda. Anthu ambiri amasiya phula kunja, koma n'kuphatikiza geti lonse mpaka pamwamba pake, kuti munthu woima pageti aoneke yense. Koma mpanda wanu ndi woonekera. Pachithunzi, galimoto yodutsa kuseri kwa geti imagwera pamalo omwewo pamene pali geti. Kwa kamera, yalowa m'malire.

Yang'anani pansi, osati zinthu zoimirira. Pachithunzi, nthaka yakutali imaoneka pamwamba, yapafupi pansi. Matayala a galimoto amaponda kuyambira pamphepete pa msewu, ndipo thupi lonse la galimotoyo limakhala pamwamba pa mzere umenewo, ngakhale itakhala lole yaitali bwanji. Ndiye mzere wapamwamba wa malire anu uzikhala pansi pa mphepete ya msewu. Uikeni patsinde pa geti, pamene geti lakhudza nthaka.

Mpata wake ndi wochepa, ndiye jambulani mosamala. Belu likatsika pa mamita 1.2, likhala pafupifupi mamita 1.5 pamwamba pa bwalo. Mphepete ya msewu pa mamita 7 ioneka madigiri 12 pansi pa mzere wa diso la kamera, tsinde la geti pa mamita 5 lioneka madigiri 17. Kusiyana kwake ndi madigiri 5 okha, ndipo pa kamera yoona motakasuka chonchi ndi kamzere kopyapyala ngati chikhadabo pafoni. Chala chikaterereka pang'ono, matayala alowa. Tembenuzani foni chopingasa kuti chithunzi chikule, ndipo dikirani galimoto yeniyeni idutse muone pamene matayala akugwera.

M'mbalinso musalole malire afike kumapeto kwa chithunzi. Galasi la mabeluwa limapinda chithunzi m'mphepete, msewu umaoneka wokhota, ndiye mzere woongoka umene uli bwino pakati ungadule msewu kungodya. Jambulani ngati kanjira, kopapatiza kugeti, kotakasuka pamene mukuyandikira khonde.

Ndipo mukangosuntha belu kapena kulipendeketsa, fufutani malire akale mujambule atsopano. Malire amakhala pamalo omwewo pachithunzi pamene chithunzicho chasuntha.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu. Ndayang'ana, geti lonse linalidi mkati. Koma ndikadula patsinde pa geti, munthu woima pageti aoneka mapazi okha. Belu limudziwa?

Wa Tepi Muyezo:
Mwina ayi, ndipo apa muyenera kusankha. Ndi mpanda woonekera komanso msewu uli mamita 2 okha kuseri kwake, simungakhale ndi uthenga wa pageti popanda wa magalimoto, pokhapokha belu litakhala lozindikira anthu bwino. Munthu akangolowa n'kuyenda sitepe ziwiri kapena zitatu, miyendo mpaka m'mawondo imakhala m'malire ndipo belu limugwira. Ine ndingasankhe zimenezo.

Mlonda wa Usiku:
Zonsezi n'zazitali. Yatsani chozindikira anthu, chija amalemba `Person` kapena `People Only`, nkhani yatha. Galimoto si munthu.

Wamawaya:
Chiyatseni ndithu, chimachotsa mauthenga ambiri. Koma nkhani siithera pomwepo. Kuti belu lidziwe kuti si munthu, kamera iyenera kudzuka kaye n'kuyang'ana, ndiye batire likuthabe. Chachiwiri, pa mabelu ena chimenechi chimagwira pokhapokha mukulipira mwezi ndi mwezi. Chachitatu, wanjinga ndi woyenda pansi mumsewu ndi anthu, ndipo malire akakhala olakwika azikulizirani foni tsiku lonse.

Za usiku zija sitinazikhudze. Usiku galimoto ikhoza kukhala kunja kwa malire, koma kuwala kwa nyale zake kumalowa. Kumasesa khoma, chitseko, bwalo, ndipo mithunzi ya mpanda imathamanga pansi. Kamera imadziwa kusuntha poyerekeza chithunzi ndi chinzake chotsatira, ndiye kuwala koyenda kumaoneka ngati chinthu choyenda. Kuwalako kukachuluka, kamera imathanso kuchoka pa chithunzi chausiku chakuda ndi choyera n'kubwerera pa chamitundu, chithunzi chonse n'kusintha kamodzi.

Onerani mavidiyo 10 a usiku ndipo muone pamene kuwala kukugwera. Ngati ndi khoma loyera la pambali, chipilala cha khonde kapena galasi la galimoto yanu yoimikidwa, dulani malo amenewo m'malire. Kuyatsa getsi la pakhonde usiku wonse kumathandizanso, chifukwa pamalo owala kale nyale yodutsa siisintha zambiri. Getsilo likhale loyaka mosalekeza, osati loyaka likamva kusuntha, ndipo lisakhale pafupi ndi belu chifukwa tizilombo touluka tidzadzaza pagalasi.

Mnyamata wa Garaja:
Langa linkachita zomwezo, ndinangomata katepi kakuda ka magetsi pambali ya sensa yoyang'ana kumsewu. Chete mpaka lero. Kapena lumikizani belulo ku mawaya a magetsi, lisiye kudalira sensayo.

Wamawaya:
Za mawayazo samalani. Belu lopangidwira batire mukalilumikiza ku thiransifoma, mawayawo nthawi zambiri amangotchaja batire pang'onopang'ono, ndipo kamera imadzutsidwabe ndi sensa yomweyo. Batire lisiya kukuvutitsani, koma kamvedwe kake sikasintha. Limene limakhala maso nthawi zonse ndi lopangidwira mawaya okhaokha, ambiri amafuna mavoti 16 mpaka 24 a `AC`. Limenelo malire ake amamvera bwino, koma kuwala kwa nyale kumalipusitsabe.

Tepi sindiikonda. Kwa inu mwina msewu uli pambali. Kwa Wofunsa msewu ndi kanjira ka anthu zili mbali imodzi, kutsogolo, ndiye mukatseka galimoto mwatsekanso mlendo.

Wa Tepi Muyezo:
Pa tepi ndisiyana nanu pang'ono. Kachidutswa kakang'ono kakhoza kufupikitsa pamene sensa imafika, koma mbali yomata muipeze poyesa, chifukwa magalasi a mkatimo amasiyana. Musatseke maikolofoni kapena tinyale tounikira usiku. Ndi njira yomaliza, osati yoyamba.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Bwezerani mphamvu ya sensa pakati, tulukani kunja kwa geti, dikirani mphindi ziwiri kuti belu ligonenso, kenako lowani molunjika mwa mayendedwe anu a masiku onse. Chitani kasanu masana, kasanu usiku. Vidiyo iziyamba mukadali mamita 3 kapena kuposa kuchokera pachitseko. Ikamayamba mwafika kale, kapena ikamaonetsa msana wanu mukubwerera, kwezani mphamvu ndi sitepe imodzi. Onaninso nthawi imene belu limapuma likangotha kujambula. Mukaiika yaitali pofuna kusunga batire, galimoto ikadutsa belu limagona, ndipo munthu wofika nthawi imeneyo sajambulidwa.

Wofunsa:
Ndabweranso patatha masiku atatu. Belu ndalitsitsa pa 1.2, ndalipendeketsa madigiri 10, malire ndadula patsinde pa geti ndipo khoma la pambali ndalichotsa. Masana mauthenga a magalimoto atha, ndipo poyesa landigwira kasanu konse. Usiku akubwerabe anayi kapena asanu, onse ndi magalimoto okhota pangodya, nyale zikamenya pachitseko penipeni. Mmawa dzuwa likangotuluka limaliranso kamodzi popanda chilichonse pavidiyo. Chimenechi ndi chiyani?

Wamawaya:
Kodi chitseko chanu chayang'ana kum'mawa? Ngati ndi choncho, mwina ndi dzuwa likugunda sensa, kapena likunyezimira pa magalasi a magalimoto odutsa. Tiuzeni nthawi yake kwa masiku atatu. Ikamafanana tsiku lililonse, ndiye kuti ndi dzuwa, ndipo kadenga kakang'ono pamwamba pa belu kangathandize. Za pangodyazo, getsi la pakhonde lija mwaliyesa?