Kosi yaulere yokhala ndi satifiketi yopezera ntchito, ndiipeza kuti?

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito mushopu ina ku Mayfair, ndipo ndikufuna kuphunzira Excel ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama, mwina n'kuchoka pakauntala.

Mwezi watha ndinapsa. Ndinalembetsa kosi pa webusaiti ina yomwe inati masiku 7 oyamba ndi aulere, koma anafuna nambala ya khadi la kubanki. Ine kuiwala kuletsa, tsiku la 8 ndangoona meseji yoti ndalama zadulidwa, m'madola, banki n'kuwonjezanso yake yosinthira. Ya lendi inaperewera.

Pano ndayang'ana mawebusaiti a makosi a Alison ndi edX. Konseko kuphunzira n'kwaulere koma satifiketi njogula, ndipo ku edX ukasankha njira yaulere makosi ambiri amatsekeka pakapita masabata angapo. OpenLearn ya Open University imapereka kapepala kaulere, kungoti kamangonena kuti unachita nawo kosiyo.

Ndiye funso langa: alipo amene anapezapo ntchito kuno ndi mapepala amenewa? Kapena mabwana amangofuna mapepala okhala ndi levulo ya NQF, muyezo wa boma wa maphunziro, odziwika ku SAQA, bungwe loyang'anira muyezowo? Ndiuzeninso ngati mavidiyo ake amatheka kutsitsa pa wayifayi, chifukatu data yokha ikundimaliza.