Kugula masheya nthawi imodzi kapena pang'onopang'ono?

Mlangizi wa ku Limbe: Anzanga, ndili ndi kasitomala, mayi amene angolandira K12 miliyoni ya penshoni ndipo akufuna kugula masheya, koma akuopa kuti mtengo ungagwe akangogula. Kodi ndiwalangize kuti aike zonse lero, kapena azigawe patatu, K4 miliyoni miyezi inayi iliyonse?

Mlangizi wa ku Mzuzu: Agawe basi, chifukwa kugula pang'onopang'ono kumatsitsa mtengo nthawi zonse. Ineyo ndimagula mwezi uliwonse kuchokera pa malipiro anga, ndipo sindinadandaulepo.

Akauntanti wa ku Lilongwe: Achimwene a ku Mzuzu, inu mumagula pamwezi chifukwa ndalama zanu zimabwera pamwezi, pamene mayiwa zawo zili kale m'manja. Tiyerekeze kuti sheya ikugulidwa K100, ndiye kuti akaika zonse apeza masheya 120,000. Mtengo ukakwera kufika K125 kenako K160, kugawa patatu kuwapatsa 40,000, 32,000 ndi 25,000, onse pamodzi 97,000. Koma ukatsika kufika K80 kenako K50, apeza 170,000, ndipo chuma chawo chikhala K8.5 miliyoni m'malo mwa K6 miliyoni. Choncho kugawa kumapindula pokhapokha mtengo ukamatsika pa nthawi yogulayo. Kafukufuku wa 2012 wa Vanguard, kampani ya ku America yoyendetsa ndalama za anthu, woona misika ya America, Britain ndi Australia, anapeza kuti kuika zonse kunaposa kugawa m'miyezi 12 pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, popeza misika imakwera kawirikawiri kuposa mmene imatsikira.

Mlangizi wa ku Mzuzu: Masamuwo ndawamva, koma misika imeneyo si yathu. Kuno mukhoza kudikira masiku ambiri musanapeze wogulitsa masheya 120,000 pa mtengo umodzi.

Akauntanti wa ku Lilongwe: Pamenepo mukunena zoona, komabe kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake kwathu kuno. Kumbukirani Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama zongokhala mu akaunti zikusungunuka.

Mlangizi wopuma ntchito: Ana anga, chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtima wa mayiwo. Amene waona K12 miliyoni ya thukuta lake itasanduka K6 miliyoni amagulitsa ndi mantha ndipo sabwereranso. Wogawa nayenso ali ndi msampha wake: mtengo ukangotsika amasiya gawo lachiwiri, lomwe ndi limene likanamupindulira. Afunseni chimene angachite chuma chawo chitatsika ndi theka. Akazengereza kuyankha, agawe, koma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, masiku ogulira alembedwe ndi kusainidwa, ndipo gawo lomaliza, podikira tsiku lake, likhale m'ngongole za boma za masiku 91.

Mlangizi wa ku Limbe: Zikomo bambo, ndiwafunsa mawa. Chondivutabe n'chakuti ngati theka likuwaopsa, mwina cholakwika si tsiku logulira koma kuika penshoni yonse m'masheya.