Tambala wanga wa 2 koloko usiku

"N'chifukwa chiyani tambala wanga akulira usiku wapakati?" Ndinafunsa choncho mwezi wathawu kuno ku Senga Bay.

Ndapeza chomudzutsa. Tambala sadikira dzuwa, thupi lake limasunga nthawi lokha ya maola pafupifupi 24, n'chifukwa chake amayamba kulira kukanali maola awiri kuti kuche, ngakhale khola lili mumdima. Koma kuwala ndi phokoso zimamuliritsanso nthawi ina iliyonse. Wangayu ankawalitsidwa ndi getsi la sola la pakhonde, lolowera pampata wa nsungwi. Nditatchinga mbali imeneyo ndi chiguduli, wabwerera ku 4 koloko.

Zamasana sizinasinthe, ndipo sindikudandaula. Akamva tambala wa aneba amayankha, kulengeza kuti bwalo lino lili ndi mwini wake.