Chithunzi cha malemu bambo n'chaching'ono, kodi chingatheke pa banala ya mamita 3?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru inu amene mumadziwa za zithunzi. Loweruka la mawa lino tikuvundukula chiliza cha malemu bambo athu, ndipo tikachoka kumanda anthu adzasonkhana kunyumba ku Chilomoni. Abale agwirizana kuti pakhale banala ya mamita 3 m'litali ndi mamita 2 kutalika kwake, yokhala ndi chithunzi chawo. Chithunzi chimene tonse timachikonda ndi chimodzi chokha, atakhala pampando pakhonde akumwetulira. Anajambula ndi msuweni wathu mu 2019, koma foni yake ija inatayika kalekale, ife tinatsala ndi chimene chinkazungulira pa WhatsApp. Ndikachiyang'ana pa kompyuta akulemba kuti 720 x 960. Mnyamata wa pamalo osindikizira ku Limbe wangochiyang'ana n'kunena kuti chidzatuluka mbuu, ndipo iye sadzabweza ndalama. Ndiye ndichite bwanji? Sindikufuna kuti amayi adzaone nkhope ya amuna awo itaphwanyika pamaso pa anthu.

Gift wa ku Ndirande: Pepani asisi, chimenecho ayi. Chosindikiza chilichonse chimafunika 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse. Pa mamita 2 mukufunika mapikiselo oposa 23,000, inu muli ndi 960. Sakani china basi.

Che Jafali: Achimwene a Gift, 300 imeneyo ndi yoona koma ndi ya zinthu zogwira m'manja, monga khadi la ukwati kapena kabuku ka pulogalamu. Ine ndakhala pa makina osindikiza mabanala zaka zambiri ndipo sindinasindikizepo banala pa 300. Tsiku lina mudzayandikire bilibodi ina mwa zili mumsewu wa Masauko Chipembere zija, mudzapeza madontho akuluakulu oti mutha kuwawerenga, koma muli mu minibasi zimaoneka bwinobwino.

Mayi, nkhani yagona pa mtunda umene anthu adzaime. Diso la munthu woona bwino limasiya kusiyanitsa kadontho kamodzi ndi kanzake akakhala patali kuwirikiza pafupifupi ka 3,500 kukula kwa kadonthoko. Ndiye kadontho ka milimita imodzi kamazimirira pa mamita atatu ndi theka. Kuwerengera kwake n'kotere:

```
mtunda (m) = kutalika (mm) ÷ mapikiselo × 3.5
```

Mukati chithunzi chanucho chidzaze banala yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndiye kuti mamilimita 2,000 tigawe ndi 960. Pikiselo iliyonse ikhala yoposa pang'ono mamilimita awiri, ndipo munthu ayenera kuima pa mamita 7 kuti asaone timabokosi. Koma mukachichepetsa kuti chikhale mita imodzi ndi masentimita 20, pikiselo ikhala mamilimita 1.25, mtunda n'kutsika kufika pa mamita 4 ndi pang'ono. Pamenepo ndiye zayamba kutheka. Malo otsalawo mulembepo dzina lawo, zaka ndi vesi. Tiuzeni, banalayi mukaipachika pati, nanga mpando woyamba udzakhala patali bwanji?

Nabanda: Zikomo kwambiri bambo, mtima wakhalako pansi. Tikufuna kuipachika pakhoma la nyumba, kumbuyo kwa tebulo la abusa ndi akuluakulu. Ndapima ndi mapazi, kuchoka pakhoma kufika pamene iyambire tenti ndi mapazi asanu ndi awiri, ndiye kaya ndi mamita 5.

Amake Tadala: Ine zinandichitikira pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Tinapanga ka banala koimika kaja n'kukaika pakhomo polowera, anthu ankadutsa mochita kukakhudza. Nkhope zinali ngati zajambulidwa kuseri kwa galasi lonyowa, maso osaoneka n'komwe. Chikhalirecho zithunzi za pa WhatsApp ndimaziopa.

Che Jafali: Chinakupwetekani ndi malo aja, amake Tadala. Pakhomo munthu amaima pa mita imodzi, ndipo pamenepo pikiselo siyenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Chithunzi chomwecho chikanakhala kumbuyo kwa akwati, patali, simukanadandaula. Mayi Nabanda, mamita 5 akukwanira chithunzi cha mita ndi masentimita 20. Tebulo la akuluakululo likuthandizaninso, chifukwa likhala ngati mpanda, ndipo okhala patebulowo adzakhala atafulatira banala.

Gift wa ku Ndirande: Chabwino ndamva. Komabe pali njira yachidule, mutsegule mu Photoshop pa Image Size, pa Resolution mulembe 300, chikwera kwalite.

Thoko M.: Ayi Gift, nambala imeneyo payokha siwonjezera kanthu. Ngati Resample sanachongedwe, mapikiselo amakhala 720 x 960 omwewo, mwangouza kompyuta kuti chisindikizidwe chaching'ono ngati kachiphaso. Ukachonga Resample kompyuta imapanga mapikiselo atsopano poyerekeza ndi oyandikana nawo, koma tsitsi kapena makwinya amene kamera sinagwire sangabwere. Phindu lake ndi limodzi, ndipo ndi lenileni: timabokosi timasanduka kufewa. Munthu akayandikira amaona chithunzi chofewa m'malo mwa masitepe m'mphepete mwa khutu, ndipo diso limakhululukira kufewa kusiyana ndi masitepe. Ndiye kukulitsako kuchitike ndithu. Ine ndingaike kutalika 120 cm, Resolution 100, n'kusankha Preserve Details 2.0 kapena Bicubic Smoother. Amene alibe Photoshop, GIMP ndi yaulere, pali Scale Image.

Chimene ndikuopa ine si mapikiselo koma zipsera za WhatsApp. Chithunzi chikamatumizidwa uku ndi uku, makamaka wina akachijambula sikirinishoti n'kutumizanso, chimafinyidwa mobwerezabwereza. JPEG imafinya m'timabwalo ta mapikiselo 8 kwa 8. Pa kukula kumene akunena a Jafali, kabwalo kamodzi kakhala sentimita yathunthu, ndipo sentimita imaoneka patali kwambiri kuposa mamita 5. Asisi, tachikulitsani pa kompyuta muyang'ane patsaya, pakhoma la kumbuyo kwawo ndi m'mphepete mwa kolala. Mukaona timabwalo ngati matailosi kapena tinyansi tozungulira kolala, zimenezo zichotsedwe kaye musanakulitse. Mukayamba n'kukulitsa ndiye kuti mwakulitsa ndi zipsera zomwe.

Che Jafali: Apo a Thoko anena zoona, kuwerengera kwanga kuja n'kwa chithunzi choyera. Chokhala ndi zipsera chimafuna mtunda wochulukirapo. Koma kuchotsako muchite mosamala. Ndaonapo anyamata akusalaza nkhope mpaka munthu wamkulu kuoneka ngati chidole cha m'shopu ya zovala, abale ake osamuzindikira. Salazani khoma ndi jekete, nkhope muikhudze pang'ono chabe.

Mr Banda Zomba: Ine ndili ndi kamera yabwino, ndikhoza kubwera kudzawajambulanso abambowo pamtengo wabwino. Ndiyankheni ku inibokosi.

Amake Tadala: Abambo inu muziwerenga kaye. Akuti malemu.

Mr Banda Zomba: Pepani kwambiri mayi, ndinangowerenga mothamanga. Mzimu wawo uwuse mumtendere.

Nabanda: Palibe kanthu bambo. Koma pali china chimene sindinanene. Pachithunzipo akuoneka kuyambira m'mawondo, ndipo pambali pali ndowa ndi njinga. Achimwene anga akulu akufuna tidule kuti pakhale mutu ndi chifuwa chokha, chikhale chachikulu. Ndayesa kudula, chatsala 340 x 450. Zikusintha kanthu?

Che Jafali: Zasintha kwambiri mayi, ndipo mwachita bwino kunena tisanapite patali. Mapikiselo amene amawerengedwa ndi otsala mukadula. Tsopano ndi 1,200 kugawa ndi 450, pikiselo yakula kufika pafupifupi mamilimita 2.7, mtunda wake ndi mamita 9 ndi kupitirira. Anthu a mizere yakutsogolo, kumene adzakhale amayi, ndi amene adzaone kuwonongekako. Kuti chodulidwacho chikwanire pa mamita 5, chisapitirire masentimita 65 kutalika. Mukaonetsetsa, mutu wawo utuluka kukula pafupifupi chimodzimodzi ndi pa chosadula chija cha mita ndi masentimita 20, chifukwa mapikiselo a pankhope ndi omwewo. Kudula sikukupatsani nkhope yaikulu yooneka bwino, kukungochotsa mawondo. Ine ndikanasiya chonse mmene chilili, n'kungofufuta ndowa ndi njingazo kapena kudetsa kumbuyoko.

Thoko M.: Ine pamenepa ndisiyana nanu pang'ono bambo. Malire a 3.5 aja ndi a munthu wa maso akuthwa amene akufunafuna cholakwika. Chikakulitsidwa bwino popanda timabokosi, nkhope ya masentimita 80 kapena 90 pa mamita 5 anthu ambiri adzangoona bambo awo. Chimene chimaulula chithunzi chofooka ndi zilembo. Zilembo zilembedwe mwatsopano pa kompyuta kuti zituluke zakuthwa, zisakhale mbali ya chithunzi, koma musaziike pafupi kwambiri ndi nkhope chifukwa diso limayamba kuyerekeza.

Che Jafali: Mwina, koma pamwambo wotere anthu sakhala pampando mpaka mapeto. Akatha kudya amapita kukajambulitsa pabanala pomwepo. Komabe tisakangane, pepala liweruze. Mayi, muuzeni wokonzayo akonze fayilo pa kukula kwake kwenikweni, kenaka adule kachigawo ka masentimita 21 kwa 29.7 pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa, musindikize pa A4 yakala. Posindikiza asankhe Actual size, osati Fit to page, apo ayi mwadzinamiza. Mupange awiri, lina la kukula kwanga lina la kukula kwa a Thoko. Mukamate pakhoma lomwelo masana, nthawi yofanana ndi ya mwambo, muime pamene padzakhale mpando woyamba. Kenaka muziyandikira pang'onopang'ono mpaka pamene payambire kukunyansani, mupime pamenepo. Ngati osindikizawo angalole kukusindikizirani kachidutswa pa pulasitiki ya banala yeniyeniyo ndiye bwino koposa, chifukwa pamenepo mitundu imakonda kutuluka yoderapo kusiyana ndi pa sikirini, ndipo nkhope zathu zakudazi mbali ya mthunzi imatha kutsekeka yonse. Ikatero muwalitseko mithunzi yokha. Fayilo yomaliza mupite nayo pa fulashi, kapena mutumize ngati Document, kuti WhatsApp isaifinyenso.

Gift wa ku Ndirande: Komanso mufunse abale onse, mwina wina anachilandira koyambirira kuchokera kwa msuweniyo. Cha munthu woyamba chimatha kukhala chachikulu kuposa chimene chazungulira m'magulu.

Thoko M.: Eya, zimenezo zoona. Ngakhale mutapeza cha 1200 x 1600, mtunda wa a Jafali uja utsika kuchoka pa mamita 4 kufika pa awiri ndi theka.

Nabanda: Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Chachikulu sichinapezeke, aliyense ali ndi chomwechi. Mapepala awiri aja tamata lero masana. La chithunzi chosadula likuoneka bwino pa tenti, ndipo ndinayandikira mpaka mapazi anayi ndisanayambe kuona kufewa. La chodula chachikulu chija ine ndikuona kuti maso awo ali ngati muli utsi ngakhale ndili pa mpando woyamba, koma achimwene akuti iwo sakuona vuto ndipo akufunabe chachikulucho. Amayi anangoima n'kumayang'ana osanena kanthu. Tagwirizana kuti mawa asankhe okha. Funso lina bambo Jafali, tikaikweza banalayo m'mwamba pang'ono kuti ojambulitsa asafike pankhope, zingwe zokha zigwira kapena pafunika thabwa?

Che Jafali: Mamita 3 pa zingwe zokha imagwa mimba pakati, ndipo khwinya likadutsa pankhope mwataya ntchito yonse. Auzeni apinde m'mphepete ndi kuika mabowo a chitsulo pa theka la mita lililonse, inu mukhome thabwa pamwamba.