Webusaiti ya lesitilanti, menyu ndizisintha bwanji ndekha?

Mayi wa pa Zomba: Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kalesitilanti, timaphika nsima ya chambo, nkhuku ya lokolo, mpunga ndi tchipisi. Mnyamata amene akufuna kundipangira webusaiti akuti menyu aika ya PDF ndiye mitengo ikasintha ndizimutumizira iyeyo akonze, nanga mmene mafuta ophikira akukwereramu ndizimulipira kangati? Chambonso sichipezeka tsiku lililonse. Ine ndikufuna munthu aone chomwe taphika lero, nthawi yotsegula, pomwe tili, kenako aimbe kuoda basi.

Wa makompyuta: Mayi PDF ikaneni, imadya bando komanso pafoni munthu amachita kukokakoka kuti awerenge. Muuzeni menyu ikhale mu Google Sheets, mizere yotsika itatu: chakudya, mtengo, chilipo kapena chatha. Iye achite Publish to web nkuilowetsa patsambalo kamodzi kokha, inu muzingosintha pafoni panu. Nkhuku ikakwera mwalemba mtengo watsopano, pakapita mphindi zochepa zaoneka. Pamwamba muzilemba deti lomwe mwasintha kuti kasitomala asamakangane nanu pa kauntala.

Mlongo wa ku Mzuzu: Koma webusaiti ya chani? Peji ya Facebook ndi sitetasi ya WhatsApp zikukwana, ine makeke ndimagulitsa choncho.

Wa makompyuta: Kwa okudziwani kale zikukwanadi asisi, koma mlendo wotsika ku Zomba Plateau ali ndi njala nambala yawo alibe, amasaka pa Google. Moti mayi yambani ndi Google Business Profile, ndi yaulere. Maola lembani tsiku ndi tsiku, Lamulungu ngati mumatseka zioneke, ndipo afanane ndi a pawebusaiti. Pini ya pa mapu mukaiike mutaima pakhomo pa lesitilantiyo, pansi pake mulembenso mmene timalondolerana kuno, moyang'anana ndi chakuti, geti la mtundu wakuti.

Wa njinga: Ngati ndi zokasiya zakudya mmaofesi ine ndilipo mayi.

Mayi wa pa Zomba: Zikomo achimwene koma sitinafike pamenepo. Nanga zoimba foni?

Wa shopu ya mafoni: Aike batani la WhatsApp, wa.me kenako nambala yanu mmene ilili.

Wa makompyuta: Mmene ilili ayi, 0 woyambayo achoke, ayambe ndi 265 popanda +, apo ayi sitsegula. Batani loimbira likhale pamwamba penipeni:

```
<a href="tel:+265XXXXXXXXX">Imbani muode</a>
```

Musanamulipire mnyamatayo muliyese pafoni ya munthu wina. Domeni, dzina la webusaitiyo, ilembedwe mdzina lanu ndi imelo yanu, imalipiridwa chaka ndi chaka ndiye mukadzasiyana naye musadzataye dzinalo.

Mayi wa pa Zomba: Ndamva. Chatsala nchoti ena amaoda chambo osabwera kudzatenga, ndiziwauza ayambe atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba?

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine ndimalandira theka kaye, koma keke si nsima ya masana, wanjala akhoza kungodula foni nkupita pena.