Galimoto ya Mayi Nangondo ndi alamu awo

Wapampando: Mamembala nonse, ndalemba pano kuti Loweruka tisadzathere tsiku lonse pa nkhani imodzi. Ngongole ya Mayi Nangondo yadutsa miyezi iwiri osabwezedwa. Iwo akuti ndalamayo ili m'galimoto yomwe anagula ndi Bambo Jere, alamu awo. Onse ndi athu m'gulu muno, ndiye aliyense afotokoze mbali yake. Chonde, mwaulemu.

Mayi Nangondo: Zikomo a tcheya. Ngongole sindikuikana, ndinasaina ndine. Ndinatenga kuno kuti ndikwanitse gawo langa, alamu anaika lalikulu, ine laling'ono. Tinagwirizana pakamwa kuti iwo aziyendera mkati mwa sabata, ine Loweruka ndi Lamlungu pokaoda katundu. Injini itawonongeka anakonzetsa osandiuza ndi mtengo womwe, ndinangomva kuti galimoto ili kugalaja. Lero apeza wogula, akuti ayambe achotsa zokonzetsera, chotsala ndiye tigawane. Ine ndikufuna ndalama yanga yonse momwe ndinaikira, ndibweze kuno. Mtima ukundiwawa, chifukwa makiyi ndinkachita kupempha ngati galimoto ya eni.

Bambo Jere: Alamu, musandiipitse pagulu. Inshulansi ndinalipira ndekha, oyilo ndasintha kanayi ndekha, simunandifunsepo kuti zatha zingati. Galimoto itafera pamsewu ndinakuimbirani, munati mulibe kanthu. Ndikanaisiya iwole? Malisiti a kugalaja ndili nawo onse.

Mayi Chisale: Ine ndiye ndifunse, bulu buku ili m'dzina la ndani? Chifukwa amene dzina lake lili pamenepo ndiye mwini wake, basi. Enawo ndi okwera chabe.

Bambo Jere: Ili m'dzina langa. Tsiku losintha umwini alamu anali kumaliro, ndinapita ndekha.

Mayi Nangondo: Ndipo mpaka lero sindinaigwirepo ndi m'manja.

Bambo Mbewe (msungichuma): Mayi Chisale, mwanena zoona theka. Wogula, apolisi ndi a inshulansi amayang'ana dzina la pa bulu buku, n'chifukwa chake Bambo Jere angathe kugulitsa mawa popanda siginecha ya wina aliyense. Koma zimenezo sizifafaniza ndalama ya Mayi Nangondo. Bambo Jere sakukana kuti anailandira, ndipo m'buku lathu la ngongole ndinalemba ndekha kuti "yogulira galimoto ndi a Jere". Umboni ulipo. Vuto ndi loti chomwe anagwirizana ndi mtengo wogulira wokha, za tsiku loipa sanakambirane.

Tiyeni tiwerenge mosavuta. Tiyerekeze kuti galimotoyo anagula pa 100. Bambo Jere anaika 60, Mayi Nangondo 40. Kukonza injini kwadya 15. Wogula akupereka 80. Ndalakwitsa pena?

Bambo Jere: Ndi momwemo.

Bambo Mbewe: Ndiye mayi, ndiyambe ndi inu, ndipo mundikhululukire. 40 yanu yonse siingabwere. Simunawabwereke ndalama alamu anu, munagula gawo la galimoto. Galimoto ikatsika mtengo, gawo lanu limatsika nayo limodzi. Pa 80, gawo lanu ndi 32, la Bambo Jere ndi 48. Ikanakhala kuti yakwera mtengo n'kugulitsidwa pa 120, mukanafuna 48, simukanavomera 40. Apa palibe amene wakuberani.

Pomwe pali mkangano weniweni ndi pa 15 uja. Njira ya Bambo Jere ndi yoti achotse 15 poyamba, patsale 65, mugawane molingana ndi magawo. Inu mupeza 26. Njira imeneyi ikutanthauza kuti kuwonongeka kwa injini ndi tsoka la eni galimoto onse awiri. Koma pali njira ina, yoyang'ana kuti wayendetsa kwambiri ndani. Galimotoyi yayenda makilomita angati chigulireni?

Bambo Jere: Tinaigula mita ili pa 96,000. Pano ili pa 116,000.

Mayi Nangondo: Ine maulendo anga ndi owerengeka. Ndikaphatikiza onse sangapose 4,000.

Bambo Mbewe: Tikatenga mawu anuwo, pa makilomita 20,000, a Bambo Jere ndi 16,000. Ndiye kuti pa magawo asanu, anayi ndi awo. Tikagawa 15 motero, iwo alipira 12, inu 3, ndipo mutsala ndi 29. Choncho mukukangana pakati pa 26 ndi 29, osati pakati pa 40 ndi kusowa kanthu.

Achimwene Gift: Pepani akuluakulu, ndilowererepo poti zamagalimotozi ndimagwira tsiku lililonse. Ndinaiona galimotoyi ili kugalaja, mutu wa injini uli pansi. Chinaduka ndi lamba wa taimingi. Pa injini ya mtundu umenewu, lambayo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu n'kuwapinda. Ndinaona ndi maso anga mavavu anayi opindika ngati misomali yozulidwa pa thabwa. Koma lamba uja satha ndi makilomita 16,000 a Bambo Jere ayi. Magalimoto ambiri amasintha cha pa 100,000, ndiye kuti munagula lamba atatha kale m'manja mwa mwini wake woyamba. Kunena kuti a Jere ndi amene anamutha si chilungamo.

Mayi Nangondo: Ndiye mukuti ndilipire ine?

Achimwene Gift: Sindinamalize, mayi. Pa chivundikiro cha injini panalibe kapepala kosonyeza kuti lamba anasinthidwapo. Makaniko aliyense wosintha oyilo akaona mita yadutsa 100,000 amanena. Kusintha lamba nthawi yake ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kutsegula injini. Funso langa kwa Bambo Jere ndi lakuti, anakuuzani kapena ayi?

Bambo Jere: Anandiuza pa sevisi yachiwiri. Ndinati tidikire mwezi uthe. Ndinawauzanso alamu kuti pakufunika ndalama ya lamba, anati ayambe athana ndi ngongole ya kuno.

Mayi Nangondo: Munangoti "galimoto ikufuna sevisi". Simunanene kuti injini ingathe kufa. Ine za malamba ndizidziwira kuti? Mukanandiuza choncho ndikanathamanga kukabwereka.

Mayi Tembo: Nkhani imeneyi ikundikumbutsa zanga. Ine ndinagula ndi mchemwali wanga, ife tinagawana pakati ndi pakati. Vuto lathu silinali injini, anali mwana wake. Anaitenga usiku alibe laisensi, n'kukagunda khoma la eni. A inshulansi anakana kulipira chifukwa woyendetsa analibe chiphaso, ndipo khomalo tinamanga tonse. Mpaka lero pa ukwati timakhala mbali zosiyana. Mukamalemba pangano, mulembe mayina a ololedwa kugwira chiwongolero.

Bambo Kamanga: Ine sindikumvetsa. Ndiye kuti galimotoyi ndi ya gulu? Ngati ndalama inachoka m'bokosi mwathu, tiilande tigulitse ifeyo, titenge zathu.

Wapampando: Ayi Bambo Kamanga. Galimoto sinaikidwe chikole. Gulu linabwereketsa Mayi Nangondo, ndipo amene tikumudziwa ndi iwowo. Tikuthandiza kuweruza chifukwa onse ndi mamembala ndipo atipempha.

Bambo Mbewe: Zomwe wanena Gift zandisintha maganizo pang'ono. Lamba wokha, akanasinthidwa nthawi yake, unali udindo wa eni onse awiri, 60 ndi 40, chifukwa ndi nthenda yomwe munagula nayo galimoto. Koma kuwonongeka kwa mavavu kwabwera chifukwa chochedwa, ndipo amene anachenjezedwa ndi makaniko n'kupitiriza kuyenda ndi Bambo Jere. Ine ndikuona kuti 29 ili pafupi ndi chilungamo, ngakhale chifukwa chake si makilomita monga ndinaganizira poyamba.

Koma mayi, nanunso muli ndi ngongole kwa alamu anu. Inshulansi imalipiridwa ngakhale galimoto itangoima pabwalo, ndiye imagawidwa potengera umwini, magawo awiri mwa asanu ndi anu. Oyilo, matayala ndi mabuleki zimatha ndi kuyenda, ndiye zimenezo zitsate makilomita, gawo limodzi mwa asanu. Bambo Jere abweretse malisiti tiwerenge.

Bambo Jere: Za inshulansi ndavomera. Koma 12 pa 15 ayi. Ndinawauza, anakana. Atakhala kuti anapereka gawo lawo tsiku limenelo, lamba akanasinthidwa. Ine 10, iwo 5, kupitirira apo sindingathe.

Mayi Nangondo: Ndipo makilomita angawo ndani akutsimikiza? Mwina ndi 3,000.

Bambo Jere: Mwinanso ndi 6,000. Mwaiwala ulendo wa kuchinkhoswe uja?

Mayi Banda (mlembi): Apa ndiye palibe angapambane, chifukwa palibe analemba. Ine ndi mnzanga wa kuntchito tili ndi galimoto limodzi chaka chachitatu tsopano, ndipo chomwe chatisunga ndi kope la mizere lomwe limakhala m'kabokosi ka kutsogolo. Wotenga makiyi amalemba tsiku ndi nambala ya pa mita, pobweza alembanso. Thanki timasiyirana pomwe tinaipeza. Kutha kwa mwezi aliyense amaponya ndalama m'thumba la galimoto molingana ndi makilomita ake, ndipo sevisi imachokera m'menemo, sitidikira kuti wina alandire. Tinalembanso malire: chokonza chikaposa mtengo womwe tinagwirizana, wina sakonzetsa asanatumize mawu a makaniko kwa mnzake n'kuyankhidwa polemba. Mfundo imeneyi yokha ikanathetsa za "ndinakuuzani" ndi "simunandiuze".

Bulu buku yathu ili m'dzina la mnzangayo, koma pepala lathu likunena kuti theka ndi langa, tinasaina pamaso pa mboni ziwiri, aliyense ali ndi lake. Ndinaumirira chifukwa choganiza za imfa. Iye atamwalira, abale ake adzaona dzina pa bulu buku n'kuiwerengera pa chuma cha masiye, ine ndidzalankhula ndi chiyani?

Mayi Chisale: Nanga wina akafuna kutulukamo?

Mayi Banda: Amayamba wauza mnzake, ndipo mnzakeyo ali ndi miyezi iwiri yoti agule gawolo. Mtengo timafunsa anthu awiri odziwa magalimoto, aliyense asankhe wake, n'kutenga wapakati. Zikakanika ndiye tigulitsa kunja, tonse tilipo polandira ndalama.

Mayi Nangondo: Chimenecho ndiye ndikupempha. Wogula asapereke ndalama ine kulibe. Ndipo 80 ameneyu ndangomva kwa alamu, wogulayo sindinamuone.

Bambo Jere: Bwerani mudzamuone, sindikubisa kanthu. Koma akufuna yankho pofika Lachisanu.

Wapampando: Tichite chonchi. Gift aione galimoto mawa atiuze ngati 80 ndi mtengo woyenera. Pogulitsa pakhale onse awiri ndi Bambo Mbewe. Bambo Jere atenge 48 yawo, Mayi Nangondo atenge 26 yomwe palibe akuitsutsa, abweze ngongole ya kuno. 6 yotsalayo isungidwe m'bokosi mpaka titaona malisiti Loweruka.

Bambo Kamanga: Nanga chindapusa cha miyezi iwiri yochedwayi? Ine munandidula chaka chatha.

Mayi Nangondo: Ndalama yanga inali m'manja mwa wina, a tcheya. Ndikupempha mundiganizire.

Wapampando: Imeneyo sindingagamule ndekha. Tidzavota Loweruka, ndipo Bambo Jere musaiwale malisiti ndi bulu buku.